Waukali koposa, wakale koposa, wodula koposa: zimene lebulo ya botolo imanenadi

Botolo la wisiki limadzaza ndi zolemba: chithunzi cha mbawala kapena cha phiri, dzina la agogo amene anayambitsa kampani, mamendulo agolide, mawu otamanda madzi a m'chigwa chakutichakuti. Pa zonsezi, zimene lamulo limaumiriza kuti zikhale zoona n'zochepa. Pali ukali wa mowawo, kuchuluka kwake, mtundu wake, ndiponso zaka zake ngati wopanga wasankha kuzilemba. Zinazo ndi mawu a wamalonda. Mabotolo amene anafika pamapeto penipeni, olusa kuposa onse, okhalitsa kuposa onse, ogulidwa kuposa onse ndi odula kuposa onse, amaonetsa bwino pamene nambala iliyonse imathera mphamvu. Zambiri zimene zili pano n'za wisiki wa ku Scotland, chifukwa malamulo ake, amene anakhazikitsidwa mu 2009, ndi okhwima ndiponso omveka bwino kuposa ambiri.

Waukali koposa

Mowa waukali koposa umene umagulitsidwa m'sitolo ndi Spirytus wa ku Poland, umene lebulo yake imasonyeza 95 kapena 96 peresenti. Ku America kuli Everclear wa 95 peresenti. Palibe amene amadutsa pamenepa ndi kutcheza wamba, ndipo chifukwa chake si lamulo ayi, ndi chilengedwe. Mowa ukafika pafupi ndi mlingo umenewu, nthunzi imene imatuluka mumphika imakhala ndi madzi ofanana ndi amene ali m'mowa wotsalawo, choncho ngakhale mutcheze kakhumi, madzi otsalawo sachoka. Mowa woterewu sunapangidwire kumwa wokhawokha. Anthu a ku Poland amaviikamo zipatso ndi zitsamba, kenako n'kuusungunula ndi madzi. Ukamwedwa osasungunula umawotcha kukhosi ndi m'mimba, ndipo makapu ochepa chabe angathe kupha munthu.

Nambala imene ili pafupi ndi chizindikiro cha % imanena gawo la mowa weniweni m'botolomo. Zotsalazo ndi madzi, kuphatikizapo tinthu tochepa kwambiri timene timapereka fungo ndi kakomedwe. Spirytus alibe fungo loti n'kulitchula, chifukwa kutcheza kofika pamenepo kumachotsa pafupifupi chilichonse chimene chinachokera ku mbewu. N'chifukwa chake lamulo la ku Scotland limaletsa kutcheza wisiki kufika pa 94.8 peresenti: likufuna kuti kafungo ka mbewu katsalemo. Malire ena ali kumunsi. Wisiki wa ku Scotland sangatsike kupitirira 40 peresenti n'kukhalabe wisiki. M'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya jini, vodika ndi ramu zimayambira pa 37.5, ndipo burande pa 36.

Chimene chimasokoneza anthu ndi muyezo wachiwiri, wa pulufu, umene umapezeka pa mabotolo ena. Ku America pulufu ndi peresenti yowirikiza kawiri. Wild Turkey 101 ali ndi 50.5 peresenti, ndipo Everclear uja ndi wa pulufu 190. Ku Britain muyezo wakale unali wina: pulufu 100 inali pafupifupi 57 peresenti. Choncho Glenfarclas 105, wisiki wa ku Scotland, si wa 105 peresenti, zimene n'zosatheka, komanso si wa 52.5. Ali ndi 60 peresenti. Mukaona nambala yaikulu pa dzina la botolo, musaikhulupirire musanapeze kanambala kakang'ono kokhala ndi %, kamene nthawi zambiri kamakhala m'munsi, pakona.

Kanambala kameneka ndi kothandiza kwambiri pogula, bola mukawerengere pamodzi ndi kukula kwa botolo. Mabotolo ambiri amene amafika kuno kudzera ku South Africa ndi a mamililita 750, ndipo kwa zaka zambiri lamulo la dzikolo linkafuna 43 peresenti. Botolo la dzina lomwelo logulidwa ku Britain nthawi zambiri limakhala la mamililita 700 pa 40 peresenti. Chulukitsani kukula ndi peresenti. Loyambalo lili ndi mamililita 322.5 a mowa weniweni, lachiwirilo 280. Kusiyana kwake ndi mamililita 42.5, kutanthauza kuti loyambalo laposa linzake ndi 15 peresenti, ngakhale pa shelefu akuoneka ngati mapasa. Tiyerekeze kuti loyamba likugulitsidwa K60,000 ndipo lachiwiri K55,000. Diso limathamangira lotchipalo. Koma mukagawa mtengo ndi mowa weniweni, loyamba likutuluka pafupifupi K186 pa mililita, lachiwiri K196. Lodulalo ndi lija linkaoneka lotchipa.

Masamu omwewa amateteza thupi. Toti ya mamililita 25 pa 40 peresenti ili ndi mamililita 10 a mowa weniweni. Toti yomweyo ya Glenfarclas 105 ili ndi 15, ndipo ya Spirytus ili ndi 24. Munthu amene anazolowera matoti awiri akathira awiri a mowa wa 60 peresenti amakhala wamwa atatu osadziwa. Wisiki wotereyu amaikidwa m'botolo mmene watulukira mumgolo, osathira madzi, kuti wakumwayo asungunule yekha. Botolo la mamililita 700 pa 60 peresenti limafuna madzi okwana pafupifupi mamililita 350 kuti litsike pa 40.

Palinso nambala ina imene odziwa amaifuna, 46. Wisiki wotsika kuposa pamenepa amachita mbuu akazizira kapena akathiridwa madzi, chifukwa timafuta take timaundana. Makampani ambiri amamuziziritsa n'kumusefa kuti azioneka woyera, koma kusefako kumachotsako kulemera kwake m'kamwa. Pa 46 timafutato timakhalabe tosungunuka, ndiye kusefa kotere sikufunika. Mukathira madzi m'wisiki wa 46 n'kuona kamtambo, musadandaule, sanawonongeke.

Wakale koposa

Mpikisano wa zaka wakhala pakati pa makampani awiri. Mu 2021 Gordon & MacPhail, kampani ya ku Elgin imene kwa zaka zambiri inkagula wisiki kumafakitale n'kumusunga m'migolo yake, inatulutsa wa zaka 80 wochokera ku fakitale ya Glenlivet, amene anathiridwa mumgolo mu 1940. Anakwana mabotolo 250 okha. Chaka chotsatira Macallan inayankha ndi wa zaka 81, wa mu 1940 yemwenso, mabotolo 288, lililonse pa $125,000. Mu 2024 Macallan inafika pa zaka 84, ndipo mu 2025 Gordon & MacPhail inatulutsa wa zaka 85.

Chochititsa chidwi si zaka zokha ayi, koma ukali umene unatsala. Wa zaka 80 uja anali pa 44.9 peresenti, wa zaka 81 pa 41.6. Mafakitale ambiri a ku Scotland amathira mowa mumgolo uli pa 63.5 peresenti. M'nyumba zosungiramo zozizira ndi zachinyezi za kumeneko, mowa umatuluka m'timabowo ta thabwa mofulumira kuposa madzi, ndiye ukali umatsika chaka ndi chaka. Wa Macallan uja anali atatsala ndi 1.6 peresenti yokha kuti agwere pansi pa 40, pamene lamulo likanamulanda dzina la wisiki. Apa ndi pamene pali malire enieni a ukalamba. Migolo yambiri sifika n'komwe kumeneko: ina imatsika msanga, ina thabwa limalowerera mowa mpaka kuwawa ngati khungwa. Imene imapulumuka zaka 50 kapena 80 ndi yowerengeka, ndipo osunga amaiyendera kawirikawiri, kulawa ndi kuyeza.

Kuuluka kumeneku ndi kumene kumakweza mtengo wa zaka. Ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti ya zimene zili m'kati chaka chilichonse, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Mgolo wa malita 200 umatsala ndi pafupifupi 157 pakatha zaka 12, 139 pakatha zaka 18, ndi 109 pakatha zaka 30. Wonjezerani lendi ya nyumba yosungiramo, inshuwalansi, ndi ndalama zimene zagona zaka zonsezo osabweza kanthu. Wisiki wa zaka 18 ayenera kudula kuposa wa zaka 12, ndipo palibe chinyengo pamenepo. Koma kudula kwakeko kukufotokoza zimene wopanga wataya. Sikukulonjeza kuti lilime lanu limukonda kwambiri. Ambiri amene amakonda fungo la utsi la wisiki wa pachilumba cha Islay amasankha wa zaka 8 kapena 10, popeza utsi umazilala zaka zikamachuluka.

Nyengo nayo imasintha tanthauzo la nambalayi. Ku Bangalore, kumene amapanga Amrut, ndi ku Taiwan, kumene amapanga Kavalan, kutentha kumachititsa mgolo kutaya 10 peresenti kapena kuposa pa chaka, ndipo thabwa limalowa m'mowa mwamsanga. Wisiki wa zaka zisanu wa kumeneko angakhale wokhwima kuposa wa zaka khumi wa ku Scotland. Kuyerekeza zaka kumathandiza pokhapokha mabotolowo akuchokera dera limodzi.

Tsopano lamulo lenileni la nambala ya zaka. Wisiki aliyense wa ku Scotland ayenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oki, yosapitirira malita 700, kwa zaka zosachepera zitatu, ku Scotland komweko. Ngati lebulo yalemba zaka, nambalayo ndi ya wisiki wamng'ono koposa amene ali m'botolomo. Botolo la zaka 12 lingakhale ndi wa zaka 15 ndi 20 m'kati, koma silingakhale ndi dontho la wa zaka 11. Kampani ya Compass Box inaonetsa mphamvu ya lamuloli mu 2016 pamene inatulutsa botolo lotchedwa Three Year Old Deluxe. Wisiki wa zaka zitatu m'botolomo sankakwana ngakhale 1 peresenti, ndipo wotsalayo anali wakale kwambiri, koma lamulo linkangolola kulemba 3. Linagulitsidwa pa mtengo wokwera kuposa mabotolo ambiri a zaka 18. Kampaniyo inachita dala pofuna kudandaula kuti lamulo silikuilola kuuza ogula zaka za zigawo zonse. Ine ndimaona kuti dandaulolo linali ndi mfundo, komabe lamulolo ndi labwino kwa wogula wamba. Limatseka njira yothira supuni imodzi ya wisiki wa zaka 30 m'thanki ya wa zaka zitatu n'kulemba 30 pa lebulo.

Zaka zimawerengedwa mumgolo mokha. Botolo la zaka 12 limene lakhala m'kabati ya malume kuyambira 1995 ndi la zaka 12 mpaka lero, chifukwa galasi silipereka kanthu ku mowa.

Kunja kwa Scotland muyenera kusamala kwambiri. Cognac, burande wa ku France, amagwiritsa ntchito zilembo: VS ndi zaka ziwiri, VSOP zinayi, ndipo XO khumi, ngakhale kuti chisanafike chaka cha 2018 XO inkatanthauza zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Pa ramu malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Zacapa 23 wa ku Guatemala ndi msakanizo wa ramu wa zaka 6 mpaka 23, ndiye nambala yaikuluyo ndi ya wamkulu koposa, mosiyana kotheratu ndi lamulo la ku Scotland. Nambala zina si zaka n'komwe. 7 wa pa Jack Daniel's ndi mbali ya dzina. Vat 69 anatchedwa choncho chifukwa William Sanderson anakonza misakanizo 100 mu 1882, ndipo olawa anasankha wa nambala 69. Nambala ndi zaka pokhapokha mawu otanthauza zaka alembedwa pambali pake.

Wogulidwa koposa

Wisiki wa ku Scotland wogulidwa kwambiri padziko lonse ndi Johnnie Walker, makatoni a malita 9 okwana pafupifupi 20 miliyoni pa chaka. Ndi wosakaniza. Mabotolo ochuluka zedi a wisiki wa ku Scotland amene amamwedwa padziko ndi osakaniza, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuona mmene mitundu iwiri ya wisiki imapangidwira.

Mtundu woyamba umapangidwa ndi chimera cha balere chokha. Amachipera, amachiviika m'madzi otentha, amathira yisiti, kenako amatcheza m'miphika ikuluikulu ya kopa, nthawi zambiri kawiri. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa aizindikira njirayi: mphika umodzi pa nthawi, nthunzi kudutsa m'paipi yozizira, ndipo wotcheza amapatula madontho oyamba ndi omaliza n'kusunga apakati. Ndi ntchito yochedwa ndi yodula, koma imasiya fungo lolemera. Mtundu wachiwiri umapangidwa ndi tirigu kapena chimanga, ndi chimera pang'ono, m'makina aatali ngati nsanja amene Aeneas Coffey analembetsa mu 1830. Makinawa saima, amatcheza usana ndi usiku, ndipo amatulutsa mowa wofika cha pa 94 peresenti, wopepuka ndi wotchipa. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 amalonda monga Andrew Usher wa ku Edinburgh anayamba kusakaniza wisiki wa mafakitale osiyana, ndipo kenako mitundu iwiriyi. Chotulukapo chinali chofewa, chotsika mtengo, chosasinthasintha chaka ndi chaka. Ndi chimene chinafikitsa wisiki wa ku Scotland m'mayiko onse.

Lamulo la 2009 linaika mitundu isanu, ndipo botolo lililonse liyenera kulemba umodzi kutsogolo. Single Malt ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa m'miphika, pa fakitale imodzi. Single Grain ndi wa fakitale imodzinso koma wokhala ndi mbewu zina kapena wopangidwa m'makina a nsanja aja. Blended Malt ndi wa chimera wochokera kumafakitale angapo, Blended Grain ndi wa mbewu wochokera kumafakitale angapo, ndipo Blended Scotch Whisky ndi wosakaniza wa chimera ndi wa mbewu.

Anthu ambiri amaganiza kuti wa fakitale imodzi ndi wa mgolo umodzi. Si choncho. Glenfiddich wa zaka 12 ndi migolo yambirimbiri yothiridwa pamodzi m'thanki kuti kakomedwe kake kafanane ndi ka chaka chatha. Chokhacho n'chakuti migolo yonseyo inadzazidwa pa fakitale imodzi ku Dufftown. Wa mgolo umodzi weniweni amalemba nambala ya mgolowo pa lebulo, kawirikawiri ndi tsiku lothira, tsiku lotsanulira ndi chiwerengero cha mabotolo, chimene chimakhala mazana ochepa. Komanso wa fakitale imodzi sikuti ndi wa mbewu imodzi. Chitsanzo cha Single Grain chili pafupi ndi kwathu: Bain's, amene amapangidwa ku Wellington ku South Africa, ndi Single Grain wa chimanga, ndipo anasankhidwa kukhala wopambana padziko pa mtundu wake pa mpikisano wa World Whiskies Awards mu 2013 ndi mu 2018.

Mayina asanuwa anabwera pambuyo pa mkangano. Mu 2003 eni ake a Cardhu, wisiki amene ankagulidwa kwambiri ku Spain, anaona kuti katundu wawachepera. Anayamba kuthiramo wa mafakitale ena, n'kusiya botolo ndi dzina mmene zinalili, kungosintha liwu limodzi pa lebulo. Makampani ena anakwiya, nkhaniyo inafika mpaka kunyumba ya malamulo, ndipo eni akewo anabwerera m'mbuyo. Lero botolo lotchedwa ndi dzina la fakitale liyenera kukhala la fakitaleyo basi.

Banja la Johnnie Walker lokha limaphunzitsa zambiri. Wa lebulo yofiira alibe zaka pa lebulo, kutanthauza kuti chimene tikudziwa n'chakuti wakwanitsa zaka zitatu. Wakuda ndi wa zaka 12. Wobiriwira ndi wa zaka 15, ndipo ndi Blended Malt, wopanda wa mbewu m'kati. Wabuluu, amene amadula kangapo kuposa onsewa, ndi wosakaniza ndipo alibe zaka zilizonse pa lebulo. Kampani imanena kuti muli migolo yosowa ndi yakale, ndipo olawa ambiri amamuyamikira, koma lonjezo la lamulo pa botolo limenelo ndi zaka zitatu zomwe zija za wofiira. Wogula wabuluu akudalira mawu a kampani, pamene wogula wobiriwira ali ndi nambala imene boma lingathe kuifufuza. Kusowa kwa zaka si umboni wa kuipa, koma mtengo ukakwera pa botolo lopanda zaka, ndi bwino kufunsa kuti ndalamazo zikulipira chiyani.

Chimene lebulo ya wosakaniza sinena ndi kuchuluka kwa wa chimera m'kati. Lamulo silinaike mlingo, ndipo apa ndi pamene wotchipa ndi wodula amasiyanirana kwambiri.

Tikachoka ku Scotland, mayina a wisiki ogulidwa koposa ali ku India: McDowell's No.1, Royal Stag, Officer's Choice, Imperial Blue, ndipo otsogola mwa iwo amaposa Johnnie Walker pa chiwerengero cha makatoni. Wisiki wambiri wotchipa wa ku India wakhala akupangidwa ndi mowa wopanda fungo, wina wochokera ku zotsalira za nzimbe, wothiridwamo wa chimera pang'ono. Ku Ulaya mowa wa nzimbe sungagulitsidwe ndi dzina la wisiki. Dzina la dziko pa lebulo, ndiye, limakuuzani lamulo limene botololo likutsatira, ndipo chithunzi cha munthu wovala nsalu yamandalasi ya ku Scotland sichilowa m'malo mwa dzinalo.

Wodula koposa

Pa 18 Novembala 2023, ku okushoni ya Sotheby's ku London, botolo limodzi la Macallan 1926 linagulidwa pa £2,187,500. Palibe botolo la mowa waukali kapena la vinyo limene linali litafikapo pamenepo pa okushoni. Mukaligawa m'matoti, toti imodzi ikupitirira £70,000.

Mbiri ya botololi ndi imene imatsegula maso pa nkhani ya mitengo. Wisikiyu anatchezedwa mu 1926, anakhala zaka 60 mumgolo nambala 263, ndipo mu 1986 anatsanuliridwa m'mabotolo 40 okha. Mabotolo 12 anapatsidwa lebulo yojambulidwa ndi Peter Blake wa ku England, ena 12 ya Valerio Adami wa ku Italy, ndipo 14 anavala lebulo ya kampani yotchedwa Fine and Rare. Awiri anatsala opanda lebulo, ndipo limodzi mwa iwo linapentedwa pamanja ndi Michael Dillon wa ku Ireland. La Dillon linagulidwa pa £1.2 miliyoni mu 2018. La Fine and Rare linafika pafupifupi £1.5 miliyoni mu 2019. La Adami ndi lija la 2023. Mowa ndi umodzi, mgolo umodzi, chaka chimodzi, koma mtengo unasuntha ndi pafupifupi mapaundi miliyoni m'zaka zisanu. Chimene chinasintha si za m'kati. Ndi pepala la kunja, chaka cha malonda, ndi chiwerengero cha anthu olemera amene ankalimbirana tsiku limenelo. Ambiri mwa mabotolo amenewa sadzatsegulidwa, chifukwa kuchotsa chivindikiro n'kutaya ndalama zonsezo.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika mu 2022, pamene mgolo umodzi wa Ardbeg wa mu 1975 unagulitsidwa pa £16 miliyoni kwa munthu mmodzi.

Mitengo yotere imakopa akuba. Mu 2018 akatswiri a ku Scotland anayeza mabotolo 55 a wisiki wosowa pogwiritsa ntchito kaboni. Mabomba a nyukiliya amene anaphulitsidwa mumlengalenga m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anasiya chizindikiro m'mbewu zonse zimene zinamera pambuyo pake, choncho n'zotheka kudziwa ngati balere anakololedwa mabombawo asanaphulike kapena ataphulika kale. Mabotolo 21 anapezeka achinyengo kapena a chaka chosiyana ndi chimene chinalembedwa. Pamsika wamba chinyengo chimayenda mwa njira ina: botolo lenileni lotoledwa m'bala, lothiridwamo mowa wotchipa, nthawi zina wokhala ndi methanolo amene amachititsa khungu ndi imfa. Yang'anani chivindikiro ngati mphete yake sinaduke, onani ngati mowa wafika pa mlingo wofanana ndi wa mabotolo anzake pa shelefu, ndipo funani nambala ya gulu imene imadindidwa pa galasi kapena kuseri kwa lebulo. Pano mtengo umanena zoona. Botolo la zaka 12 logulitsidwa pa theka la mtengo wake wa masiku onse lisiyeni pomwepo.

Wotchipa koposa

Kumunsi kwa msika mtengo umafotokozanso nkhani ina, ya msonkho. Scotland inaika mtengo wotsikitsitsa wa mowa mu 2018, mapeni 50 pa mamililita 10 alionse a mowa weniweni, ndipo mu Seputembala 2024 inaukweza kufika pa mapeni 65. Botolo lija la mamililita 700 pa 40 peresenti lili ndi magawo 28 otere, ndiye silingagulitsidwe pansi pa £18.20 m'dziko limene linapangidwa.

Tiyeni tiligawe botolo limeneli ndi misonkho ya mu 2025. Boma la Britain linkatenga £32.79 pa lita iliyonse ya mowa weniweni, ndiye pa malita 0.28 linkatenga £9.18. Msonkho wa pa malonda, 20 peresenti, unali £3.03. Pa £18.20 panatsala pafupifupi £6, ndipo m'menemo muyenera kutuluka galasi, lebulo, katoni, mayendedwe, phindu la sitolo, phindu la kampani, ndi wisiki amene. Tsopano tengani botolo la £60 la kukula ndi ukali womwewo. Msonkho wa mowa sukusintha, ndi £9.18 yomweyo, chifukwa boma limawerengera ukali, osati ubwino. Wa pa malonda ndi £10. Zotsala ndi pafupifupi £41. Mtengo wakwera katatu ndi pang'ono, koma ndalama zotsalira wopanga ndi wogulitsa zakwera pafupifupi kasanu ndi kawiri.

N'chifukwa chake kusiyana kwa kakomedwe kumamveka kwambiri pakati pa botolo lotchipitsitsa ndi la mtengo wapakati. Pamenepo ndalama zowonjezera zimagula zinthu zenizeni: wa chimera wochuluka, zaka zambiri, migolo yabwino. Mgolo umene munakhalapo sheri wa ku Spain umadula kangapo kuposa umene munakhala wisiki wa ku America, ndipo umapereka kakomedwe ka zipatso zouma m'malo mwa ka vanila. Mukapitirira pamenepo, gawo lalikulu la ndalama limayamba kupita ku bokosi, ku galasi lolemera, ku kutsatsa malonda ndi ku kusowa kwa botololo. Kuno kwathu pamwamba pa zonsezi pamabwera msonkho wa pachipata, mayendedwe ndi mphamvu ya kwacha, zimene zimakweza mtengo osakhudza dontho limodzi la m'kati.

Ngakhale mtundu wa mowa m'galasi sungakuthandizeni kuweruza. Lamulo la ku Scotland limalola kuthira zinthu ziwiri zokha m'wisiki, madzi ndi shuga wowotcha wosinthira mtundu, amene nambala yake ndi E150a. Makampani ambiri akuluakulu amamuthira kuti mabotolo onse azifanana, choncho wisiki wa zaka zitatu angathe kuoneka woderapo kuposa wa zaka 20 wa mumgolo wa ku America, amene nthawi zambiri amakhala wotuwa ngati udzu wouma. Ku Britain palibe chowakakamiza kulemba zimenezi pa lebulo. Ku Germany amalemba, ndiye botolo lomwelo logulidwa ku Berlin limaulula zimene la ku Glasgow labisa. Amene sathira utoto umenewu nthawi zambiri amadzinenera okha kuseri kwa botolo, pafupi ndi mawu onena kuti sanasefe mozizira.